Panado, Panadol, PCM: mafunso ndi mayankho pa mankhwala amodzi okhala ndi maina ambiri

Ndimagwira ntchito pa kauntala ya famase muno mu Blantyre, ndipo tsiku silitha ndisanamve munthu akunena kuti, "Panado uja sakundithandiza, ndipatseni wamphamvu wake." Ndikamufunsa kuti wamphamvu wake ndi uti, amaloza bokosi lowala lomwe m'kati mwake muli mankhwala omwewo amene ali nawo kale m'thumba. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza. Ndatsamira kwambiri pa parasitamo, amene ambiri timati panado, chifukwa ndiye ali m'nyumba iliyonse, komanso ndiye amabisala m'maina ambiri kuposa anzake. Maina amene muyenera kuwawerenga pa bokosi ndawalemba momwe amalembedwera pamenepo, kuti mukawaona muwazindikire.

Kodi dzina la malonda ndi dzina lenileni la mankhwala zikusiyana pati?

Tiyambire ku golosale. Mukatuma mwana kuti akagule kolugeti, amabwera ndi mankhwala otsukira mano a kampani ina iliyonse, ndipo simudandaula. Sopo wa ufa aliyense timamutcha safu, majarini aliyense ndi sitoko. Lililonse mwa amenewa linali dzina la katundu wa kampani imodzi, koma pakamwa pathu linasanduka dzina la chinthucho. Panado zinamuchitikiranso chimodzimodzi.

Piritsi lililonse lili ndi chinthu chimene chimagwira ntchito m'thupi. Chinthucho chili ndi dzina lake limodzi, losakhala la kampani iliyonse, lomwe madokotala ndi anamwino amaphunzira kusukulu. Limeneli ndiye dzina lenileni, lomwe ena amati la jeneriki. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi limene limasankha maina amenewa, ndipo mndandanda wake woyamba unatuluka mu 1953. Kampani ikapanga mapiritsi kuchokera ku chinthu chija, ili ndi ufulu wowapatsa dzina lakelake loti ikope nalo ogula. Limeneli ndiye dzina la malonda. Makampani makumi awiri akapanga parasitamo, pamsika pamakhala maina makumi awiri, koma chiwindi chanu chimangoona chinthu chimodzi.

Ndikagwira bokosi m'manja, ndiyang'ane pati?

Musayambire pa zilembo zikuluzikulu. Zimenezo nthawi zambiri ndi dzina la malonda, ndipo pambali pake pamakhala kachizindikiro ka ® kapena ™. Tsitsani maso pang'ono. Pansi pa dzina lalikululo pamakhala dzina lina la zilembo zing'onozing'ono, lotsatana ndi nambala, monga Paracetamol 500 mg. Limenelo ndiye lofunika.

Ngati kutsogolo simukuliona, tembenuzani bokosi. M'mbali mwake mupeza mzere woyamba ndi mawu akuti Each tablet contains, kapena Composition, kapena Active ingredients. Zonse zimene zalembedwa pansi pa mawu amenewa, zokhala ndi nambala ya mg, ndi mankhwala amene mukumwa. Werengani mizere yonse, osati woyamba wokha, chifukwa piritsi limodzi limatha kukhala ndi zinthu zitatu kapena zinayi. Mukagula kapaketi konyezimira kopanda bokosi, zomwezi zimasindikizidwa kumbuyo kwake, kungoti timalemba take ndi tosautsa. Jambulani ndi foni, mukulitse chithunzicho.

Zoti muchoke nazo pa bokosi ndi zitatu: dzina lenileni, mphamvu yake m'mamiligalamu, ndi kapangidwe kake, kaya ndi piritsi, kapusozi, amadzi, kapena otuluka pang'onopang'ono m'thupi. Mabokosi awiri akafanana pa zitatuzi, ndi mankhwala amodzi, ngakhale lina likhale lofiira lina lobiriwira.

Ndiye Panado, Panadol, Calpol ndi PCM zonsezi ndi chinthu chimodzi?

Eya. Panado ndi dzina la malonda lochokera ku South Africa. Panadol ndi la kampani ina. Calpol ndi parasitamo wamadzi wa ana. PCM si dzina la malonda ayi, ndi chidule chimene adokotala ndi anamwino amalemba m'buku la kuchipatala kapena pa kathumba ka mapiritsi pofuna kufulumira. Mukaona palembedwa PCM 1 g tds, akutanthauza parasitamo galamu imodzi, yomwe ndi mibulu iwiri ya mamiligalamu 500, katatu patsiku.

Palinso dzina lina losokoneza kwambiri. Ku America parasitamo amamutcha Acetaminophen, ndipo dzina la malonda lotchuka kumeneko ndi Tylenol. Mabotolo amene abale amatumiza kuchokera kunja, kapena amene amabwera ndi alendo a ku mpingo, nthawi zambiri alibe mawu akuti Paracetamol paliponse. Munthu amaganiza kuti wapeza mankhwala achilendo amphamvu, pomwe ndi panado yemweyo.

Chenjeraninso ndi mawu oonjezera kumapeto kwa dzina. Panadol Extra ali ndi parasitamo mamiligalamu 500 komanso kafini mamiligalamu 65, chinthu chija chimapezeka mu khofi. Kotero dzina la malonda limodzi limatha kukhala pa mankhwala osiyana, monganso mankhwala amodzi amakhala ndi maina osiyana.

Ngati onse ndi amodzi, vuto lili pati? Sindingangomwa amene ndapeza?

Vuto lili pa kuphatikiza. Munthu wamkulu amamwa parasitamo mamiligalamu 500 mpaka 1000 nthawi imodzi, n'kudikira maola osachepera 4 asanamwenso, ndipo asapitirire mamiligalamu 4000 pa maola 24. Imeneyi ndi mibulu 8 ya 500. Palibe munthu wanzeru zake amene angameze mibulu khumi ndi iwiri ya panado tsiku limodzi. Koma anthu anzeru zawo amafika pa mlingo umenewo kudzera m'mabokosi atatu osiyana maonekedwe.

Mwezi wa Juni wina, nthawi ya chiperoni pamene theka la tauni likutsokomola, panabwera bambo wina woyendetsa minibasi. Anali wochepa thupi, maso ofiira chifukwa chosagona. Anati akufuna mankhwala a nseru. Ndinafunsa zimene akumwa kale.

"Palibe zambiri achimwene, ta chimfine basi ndi ta msana."

"Bambo, muli nato pompano? Tandionetsani tonse."

Anakhuthula m'thumba la jekete. Munatuluka kathumba ka pulasitiki ka kuchipatala kolembedwa ndi bolopeni kuti PCM, ndi timizere tosonyeza mibulu iwiri katatu patsiku. Munatulukanso kapaketi ka mapiritsi a chimfine amene anagula pa okala, ndi mapiritsi ena aakulu a msana amene mnzake wa pa siteji anamugawira. Tinatembenuza chilichonse n'kuwerenga limodzi.

A kuchipatala aja: mibulu 6 patsiku, uliwonse 500, zikukwana 3000. A chimfine aja, mzere woyamba pa Composition unali Paracetamol 500 mg, kenako mankhwala otsegula mphuno. Ankamwa iwiri m'mawa, iwiri madzulo, zomwe ndi 2000. A msana aja anali osakaniza Ibuprofen 400 mg ndi Paracetamol 325 mg, ndipo ankamwa kawiri patsiku, zomwe ndi 650. Kuwonkhetsa zonse, 3000 ndi 2000 ndi 650, zinakwana mamiligalamu 5650 patsiku. Anapyola malire ndi 1650, ndipo limeneli linali tsiku lachitatu. Ndinafunsa za chakudya, anati kukamwa kukuwawa, akungomwa tiyi. Za mowa anaseka pang'ono, n'kunena kuti Loweruka lokha.

Bamboyu sanaphwanye langizo lililonse. Pa kathumba analemba iwiri katatu, anamwa iwiri katatu. Pa kapaketi ka chimfine anatsatira zimene wogulitsa ananena. Kungoti palibe amene anaona zonse zitatu zili pamodzi. Sindinamugulitse mankhwala a nseru. Ndinamulembera mawerengero aja pa pepala, n'kumuuza kuti asiye zonse zitatu, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi timapaketi tonse kuti akamuyeze magazi. Anadandaula za ndalama ya bwana ya tsikulo, koma anapita.

Ndingadziwe bwanji kuti ndamwa mopitirira, ndipo ndichite chiyani?

Apa ndi pamene parasitamo amapusitsa. Tsiku loyamba munthu amatha kumva bwinobwino, kapena kungomva nseru, kusanza ndi kufooka, zomwe aliyense angati ndi malungo kapena chimfine chomwecho. Chiwindi chimaonongeka mwakachetechete. Pakapita masiku awiri kapena atatu ndi pamene kumayamba kupweteka kumtunda kwa mimba mbali ya kumanja, pansi pa nthiti, maso n'kuyamba chikasu, mkodzo n'kuda, ena mpaka kusokonezeka mutu. Pofika pamenepo zinthu zafika patali.

Chimene chimachitika ndi ichi. Chiwindi chikamaphwanya parasitamo, kagawo kochepa kamasanduka poizoni, ndipo chiwindicho chili ndi chosungira chake chophera poizoniyo. Pa mlingo woyenera chosungiracho chimakwana. Mlingo ukachuluka chimatha, poizoni n'kuyamba kudya chiwindi. Munthu amene sakudya bwino, womwa mowa kwambiri, wodwala chiwindi kale, kapena wamkulu wosafika makilogalamu 50, chosungira chake chimatha msanga, ndipo kwa iyeyu ngakhale mibulu 8 ndi yambiri. Afunse adokotala mlingo wake.

Choncho musadikire zizindikiro. Chizindikiro chanu ndi masamu. Mukawonkhetsa n'kupeza kuti mwapyola 4000 pa maola 24, kapena mwana wameza mapiritsi osadziwika kuchuluka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenga mabokosi onse, ndipo mukumbukire nthawi imene munamwa. Mankhwala oteteza chiwindi alipo, dzina lake ndi Acetylcysteine, ndipo amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe. Mkaka, mazira aawisi ndi kudzisanzitsa sizithandiza chiwindi.

Mwana wanga ndimamupatsa panado wamadzi. Botolo lina lililonse ndi chimodzimodzi?

Dzina lenileni ndi limodzi, koma mphamvu imasiyana. Mabotolo ambiri alembedwa 120 mg/5 ml, koma alipo ena a ana okulirapo olembedwa 250 mg/5 ml. Mlingo wa mwana amawerengera kulemera kwake, pafupifupi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, osapitirira kanayi pa maola 24.

Titenge mwana wa makilogalamu 12. Mlingo wake ndi mamiligalamu 180. Pa botolo la 120 mg/5 ml, amenewa ndi mamililita 7.5. Mayi akazolowera 7.5 ameneyu, kenako bambo n'kugula botolo la 250 mg/5 ml poona kuti dzina ndi lomwelo, mamililita 7.5 omwewo amakhala mamiligalamu 375, kuposa kawiri mlingo wa mwanayo. Botolo likasintha, funsani mlingo mwatsopano, ndipo muziyeza ndi kasipuni kapena kasirinji kobwera ndi mankhwalawo, osati sipuni ya tiyi.

Mankhwala amadzi ambiri a chimfine ndi chifuwa a ana ali ndi parasitamo kale. Musanapatse mwana mabotolo awiri usiku umodzi, werengani onse awiri. Ndipo mwana akatentha thupi, kayezetseni malungo. Panado amangotsitsa kutentha, tizilombo ta malungo sakhudza.

Pa bokosi palembedwa Paracetamol Tablets BP. Kodi ndi a bipi?

Ayi. Funso limeneli ndimalikonda, chifukwa amene amalifunsa ndi anthu amene ayamba kuwerenga mabokosi. BP ameneyu sakukhudza kuthamanga kwa magazi. Ndi chidule cha buku la ku Britain la miyezo ya kapangidwe ka mankhwala, ndipo kampani ikunena kuti yatsatira miyezo ya m'bukumo. Mukaona USP ndi buku la ku America, IP ndi la ku India.

Mawu ena otsatana ndi dzina lenileni, monga trihydrate, hydrochloride kapena besylate, asakuopseni. Akungofotokoza mmene chinthu chija anachimangira kuti chikhale piritsi. Pa makapusozi a amokisilini mumapeza mzere wakuti Amoxicillin trihydrate equivalent to Amoxicillin 250 mg. Nambala yotsatira mawu akuti equivalent to ndiyo mphamvu yeniyeni yoyerekezera ndi bokosi lina.

Kupatula panado, ndi maina ati ena amene timatchula tsiku ndi tsiku koma ali a malonda?

Ambiri ndithu. Bufeni anachokera ku dzina la malonda la Brufen, dzina lenileni ndi Ibuprofen. Indosidi ndi Indometacin. Fulajilu ndi Metronidazole. Piritoni ndi Chlorphenamine. Ventolini wa anthu a mphumu ndi Salbutamol. Bakitirimu ndi Co-trimoxazole. Mukapempha fulajilu n'kupatsidwa paketi yolembedwa Metronidazole, sanakupusitseni.

Pa bufeni pali msampha wamtundu wina. Ibuprofen, Diclofenac, Indometacin ndi Aspirin ndi maina enieni osiyana, koma onse ndi a banja limodzi ndipo amaluma malo amodzi: m'mimba ndi impso. Munthu wa msana amene akumwa bufeni m'mawa, indosidi masana, Voltaren madzulo, yemwe ndi Diclofenac, sakuchulukitsa mpumulo, akuchulukitsa mwayi wa zilonda za m'mimba. Chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanza zonga khofi ndi chizindikiro chakuti m'mimba mukutuluka magazi, ndipo zimenezo ndi za kuchipatala msangamsanga. Pa banja limeneli sankhani mmodzi. Amayi oyembekezera, odwala impso ndi a zilonda za m'mimba asamwe popanda adokotala.

Kuchipatala LA amapereka mibulu 24. Ku famase andipatsa 6 yokha. Andibera?

Mwina ayi, koma werengani nambala. LA ndi dzina lathu la kuno la mankhwala awiri ophatikizana, Artemether ndi Lumefantrine, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito ngati mankhwala oyamba a malungo mu 2007, m'malo mwa fansida. Dzina la malonda loyambirira ndi Coartem, koma mupezanso Lonart, Artefan, Lumartem ndi ena.

Piritsi lozolowereka lalembedwa 20/120. Munthu wa makilogalamu 35 kupita m'tsogolo amamwa mibulu 4 kawiri patsiku kwa masiku atatu, yonse 24. Pali mapiritsi ena olembedwa 80/480, limodzi lofanana ndi anayi aja. Amenewa amamwa limodzi kawiri patsiku kwa masiku atatu, onse 6. Mankhwala olowa m'thupi ndi ofanana ndendende.

Kulakwitsa kumachitika mbali ziwiri. Wina wozolowera inayi amameza mibulu inayi ya 80/480, paketi n'kutha tsiku lachiwiri lisanafike. Wina amene anamwapo limodzilimodzi amatenga a 20/120 n'kumamwa limodzi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wake, ndipo malungo sachoka. A 80/480 si a ana ang'ono. Mtundu uliwonse umene mwapatsidwa, yambani mwayezetsa magazi, imwani mutadya chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro kapena mkaka chifukwa Lumefantrine salowa bwino m'mimba yopanda kanthu, ndipo malizani masiku onse atatu.

Koma zoona zake, otchipa aja si ofooka? Mtengo ungasiyane chonchi popanda chifukwa?

Chifukwa chilipo, koma sichili m'piritsi. Kampani imene yatulukira mankhwala atsopano imapatsidwa chilolezo chopanga yokha, kawirikawiri kwa zaka 20, kuti ibweze ndalama za kafukufuku. Nthawiyo ikatha, makampani ena amaloledwa kupanga, ndipo poti iwo sanalipire kafukufuku woyamba komanso akupikisana, mtengo umagwa. Asanaloledwe kugulitsa, amayenera kuonetsa kuti chinthu chogwira ntchito ndi chomwecho, pa mlingo womwewo, ndipo pa mankhwala ambiri amayezanso kuti chikulowa m'magazi mofanana ndi cha kampani yoyamba. Zimene zimasiyana ndi utoto, kukula kwa piritsi, kakomedwe ndi ufa womangira. Kuno kwathu amene amalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi bungwe la PMRA.

Amene akukayika aganizire ma ARV. Cha m'ma 2000, mankhwala atatu ophatikiza a munthu mmodzi ankadya ndalama zoposa madola 10,000 pachaka. Mu 2001 kampani ya ku India ya Cipla inalengeza kuti ingapereke a jeneriki pa madola 350 pachaka. Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo achibale athu amene akhala ndi moyo zaka zonsezi akhala akumwa a jeneriki. Mpaka lero botolo limatha kusintha maonekedwe ulendo ndi ulendo, koma ngati muli pa 13A, pa botolo mupeza maina atatu omwewo: Tenofovir, Lamivudine ndi Dolutegravir.

Chimene muyenera kuopa si jeneriki koma mankhwala achinyengo ndi osungidwa molakwika, ndipo achinyengo amakonda kuvala dzina la malonda lodula, poti m'menemo ndi mmene muli phindu. Paketi yabwino imakhala ndi dzina ndi adiresi ya kampani, nambala ya Batch, ndi tsiku lothera ntchito lolembedwa Exp. Mapiritsi amene akhala padzuwa pa benchi mumsika, ofumbutuka, osintha mtundu kapena omatana, asiyeni, kaya alembedwa dzina lotani.

Ndisabise, alipo makasitomala amene amalumbira kuti bokosi lodula limawachiza msanga mutu. Sindikangana nawo, ndalama ndi zawo. Ndimangoonetsetsa kuti akudziwa kuti ndi parasitamo, kuti asakaonjezere wina kunyumba.

Amayi anga a bipi apatsidwa mapiritsi osiyana ndi a mwezi watha. Awasinthira mankhwala?

Kawirikawiri ayi. Zipatala zimalandira mankhwala malinga ndi kampani imene yapereka katundu nthawi imeneyo, ndiye mwezi uno kapiritsi koyera kozungulira, mwezi wamawa kachikasu kotalika. Yerekezani dzina lenileni ndi nambala pa paketi yakale ndi yatsopano, komanso zimene zalembedwa m'buku la kuchipatala. Zikafanana, apitirize. Zikasiyana, bwererani pa windo mukafunse musanayambe kumwa, chifukwa n'kutheka adokotala asintha dala, n'kuthekanso wina walakwitsa.

Choopsa ndi kumwa onse awiri. Ndinaonapo agogo ena amene ankalandira Amlodipine 10 mg kuchipatala. Mwana wawo wogwira ntchito m'tauni, pofuna kuthandiza, anawagulira bokosi lokongola la dzina la malonda n'kunena kuti awa ndiye abwino. Agogo, posafuna kukhumudwitsa mwana kapena kunyoza adokotala, ankamwa onse. Anabwera atatupa mapazi, akudandaula chizungulire akamadzuka pa mkeka. Titayika mapaketi awiriwo pa kauntala, pansi pa dzina lalikulu lija panali Amlodipine 10 mg. Ankamwa 20 patsiku, kawiri mlingo wapamwamba wa mankhwalawa.

Kanzeru kena kothandiza pa matenda a mgonagona: maina enieni a banja limodzi amathera mofanana. Othera ndi -dipine, monga Amlodipine ndi Nifedipine, ndi a banja limodzi. Othera ndi -pril, monga Enalapril ndi Captopril, ndi banja lina. Othera ndi -olol, monga Atenolol ndi Propranolol, linanso. Kumwa mankhwala a bipi awiri kapena atatu a mabanja osiyana n'kwachizolowezi. Koma mukapeza awiri othera mofanana m'thumba la munthu mmodzi, kafunseni. Maina a malonda satsata lamulo limeneli, n'chifukwa chake sakuuzani kanthu.

Ilipo nthawi imene sindiyenera kusintha kampani mwachisawawa?

Ilipo. Pa mankhwala ena, kusiyana pang'ono kwa mlingo wa m'magazi kumaonekera. Otchuka ndi a khunyu monga Phenytoin, Carbamazepine ndi Phenobarbital. Ngati n'kotheka khalani pa kampani imodzi. Ngati palibe, imwani amene alipo osadumphitsa, chifukwa kusiya ndiye koopsa kwambiri, koma auzeni adokotala ngati kugwa kwayambiranso kapena tulo tachuluka.

Enanso ndi okhala ndi zilembo monga SR, MR, XR kapena mawu akuti Retard kumapeto kwa dzina. Amenewa anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Nifedipine wamba ndi Nifedipine Retard ali ndi dzina lenileni limodzi koma samwedwa mofanana, ndipo otuluka pang'onopang'onowa saphwanyidwa kapena kutafunidwa, kuopa kuti mlingo wa maola ambiri ungalowe nthawi imodzi.

Bakitirimu amandiwenga. Ndikangopewa dzina limeneli ndatetezeka?

Simunatetezeke. Mankhwala omwewo amagulitsidwanso ngati Septrin, ndipo paketi zambiri zimangolembedwa Co-trimoxazole, kapena maina a zinthu ziwiri zimene zili m'kati, Sulfamethoxazole ndi Trimethoprim. Amabwera a 480 ndi a 960. Fansida, amene ena amati SP, ali ndi Sulfadoxine, wachibale wa Sulfamethoxazole. Amene bakitirimu anamutulutsa zidzolo, makamaka zilonda m'kamwa ndi m'maso kapena khungu kusupuka, asamwenso fansida. Pa chifukwa cha ubale womwewu, mayi woyembekezera amene akumwa bakitirimu tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV sapatsidwa SP ku sikelo.

Penisilini nayenso ali choncho. Amene amamuwenga apewe onse othera ndi -cillin, komanso Augmentin ndi Co-amoxiclav, amene dzina lawo silikuonetsa poyera koma m'kati muli Amoxicillin. Pemphani anamwino alembe dzina lenileni la mankhwala okuwengani pa tsamba loyamba la buku lanu la kuchipatala, ndi zilembo zazikulu.

Achimwene anga a ku Joni amanditumizira mankhwala pa basi. Ena ndimagula awiriawiri pa okala, opanda bokosi. Nditani nawo?

A ku Joni amabwera ndi mabokosi awo, choncho awerengeni monga tanenera. Ufa wa mutu wa Grand-Pa, umene umatsika kwambiri pa Wenela m'zikwama za apaulendo, uli ndi parasitamo mamiligalamu 324, asipirini ndi kafini. Ndiye kuti umalowa m'masamu a parasitamo, umalowanso m'banja la bufeni, ndipo chifukwa cha asipiriniyo si wa ana osafika zaka 16. Ena a ululu ochokera kumeneko, monga Myprodol, ali ndi parasitamo, bufeni ndi kodini, amene amagonetsa komanso munthu amatha kumuzolowera. Dzina lililonse lokhala ndi Co-codamol ndi parasitamo wosakaniza ndi kodini yemweyo.

A pa okala vuto lawo ndi lumo. Wogulitsa akadula kapaketi konyezimira kuti akupatseni mibulu iwiri, dzina limaduka pakati, tsiku lothera ntchito n'kutsala pa chidutswa china. Musanalipire, pemphani muone paketi yonse kapena bokosi limene achotsamo, ndipo mujambule. Mapiritsi oyera ozungulira amafanana kwambiri, ngakhale ife a pa kauntala sitingalumbire poyang'ana ndi maso kuti ili ndi la panado, ili ndi la shuga. Amene ali m'kathumba kosalembedwa, kapena amene munawasakaniza m'botolo limodzi n'kuiwala, musamwe ndipo musagawire mnzanu. Abweretseni ku famase kapena kuchipatala, pamodzi ndi buku lanu, tione ngati tingawalondole kuchokera pa zimene adokotala analemba.